Mphindi Zitatu Pamaso pa Mwini Ndalama: Mmene Bizinesi Yaing'ono Imadzifotokozera

Mipikisano yambiri ya mabizinesi ang'onoang'ono, ngakhalenso misonkhano yoyamba pakati pa wochita bizinesi ndi munthu amene angaikemo ndalama, imapatsa mwini bizinesi nthawi yoyezedwa pa wotchi, kawirikawiri mphindi zitatu, kuti anene chimene amagulitsa, amene amamugula, ndalama zimene akufuna ndiponso chimene wopereka ndalamayo adzapindule. Kulankhula kotereku, kumene ambiri a m'tauni amangokutcha pichi, kudafala kwambiri chifukwa cha mapulogalamu a pa kanema, makamaka Dragons' Den, imene idayamba ku Britain mu 2005 motengera pulogalamu ya ku Japan ya mu 2001, ndi Shark Tank, imene idayamba ku America mu 2009. Mu Africa muno mchitidwewu wakhazikika kudzera m'mabungwe monga Tony Elumelu Foundation, limene kuyambira mu 2015 limaphunzitsa ochita mabizinesi ndi kupatsa osankhidwa mpamba wa madola 5,000, ndipo ku Malawi malo ophunzitsira achinyamata zamalonda monga mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub azolowetsa anthu ambiri kuima pamaso pa oweruza wotchi ikuyenda.

Chimene olankhula ambiri sachigwira msanga n'chakuti palibe munthu wanzeru amene amatulutsa ndalama zake chifukwa cha mawu a mphindi zitatu okha. Ntchito ya mawuwa ndi kuchititsa womvera kufuna kufunsa mafunso, kenako kufuna kuona mabuku a bizinesiyo ndi kukaona malo amene katundu amapangidwira, ndipo ndalama zimatuluka pambuyo pa zonsezi. Wolankhula amene wamvetsa zimenezi amaleka kupanikiza mbiri yonse ya bizinesi yake m'masekondi 180, n'kusankha mfundo zochepa zimene womvera angathe kuzikumbukira ndi kukazibwereza molondola kwa mnzake amene kunalibe. Mfundo zimene zimakumbukika chonchi, ndiponso zimene zimapirira mafunso, pafupifupi nthawi zonse zimakhala za masamu a chinthu chimodzi chogulitsidwa, kutanthauza ndalama zimene chimadya popangidwa, mtengo umene chimagulitsidwa ndi chimene chimatsala, kuphatikizapo pempho lomveka bwino lochokera m'masamu omwewo.

Asanalembe liwu ndi limodzi lomwe, wolankhula ayenera kudziwa mtundu wa ndalama zimene akupempha, chifukwa womvera aliyense amatchera khutu ku zosiyana. Pa mpikisano, mphoto imakhala thandizo losabweza, ndipo oweruza amakhala ndi pepala lopatsira malikisi pa mitu imene okonza mpikisano adalengeza kale, monga luso latsopano, ntchito zimene bizinesiyo ingalembe anthu, kapena ubwino wake kwa alimi ndi chilengedwe, kotero kuti wopikisana amene sadawerenge mituyi amataya malikisi pa zinthu zimene akanazitchula m'chiganizo chimodzi. Wobwereketsa, kaya ndi banki, kaya ndi bungwe la boma lopereka ngongole, kaya ndi banki mkhonde, amafuna kumva kumene ndalama yobweza mwezi ndi mwezi pamodzi ndi chiwongoladzanja idzachokere, ndiponso chikole chimene chilipo. Wogula gawo la bizinesi, amene amapereka ndalama kuti akhale mwini wa mbali ina ya bizinesiyo ndi kugawana nawo phindu, amafuna kudziwa kuti bizinesiyo ingakule kufika pati ndipo ndalama zake zidzabwerera liti. Kuno kwathu munthu wachitatuyu kawirikawiri sakhala kampani yaikulu ayi, amakhala mwini sitolo amene ali ndi ndalama zapadera, kapena wachibale amene wasonkhanitsa kangachepe ku Joni, ndipo ubalewo suchepetsa kufunika kwa masamu, umangoonjezera kukula kwa mkangano umene ungabuke masamuwo akapanda kunenedwa poyera.

Kayezedwe ka nthawi

Munthu wolankhula Chingerezi modekha amatchula mawu apakati pa 130 ndi 150 pa mphindi, choncho mphindi zitatu zimanyamula mawu pafupifupi 400. Pa Chichewa mawu amakhala ocheperapo ndithu, popeza liwu limodzi limatha kunyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa, ndipo limatenga nthawi yaitali kulitchula, kotero kuti amene walemba mawu ake m'Chingerezi n'kuwamasulira amapeza kuti belu lalira asanafike pa pempho. Njira yodalirika ndi kuwerenga mokweza, ataimirira, wotchi ya pa foni ikuyenda, ndi kudula mawu kufikira zonse zikutha pa masekondi 165 kapena pafupi ndi pamenepo, chifukwa pa tsiku lenilenilo mantha, kupuma ndi kusonyeza katundu zimadya masekondi otsalawo. Pempho ndilo limakhala kumapeto, ndipo ndilo limadulidwa nthawi ikatha, choncho olankhula ena odziwa amalitchula mwachidule koyambirira, n'kudzalifotokoza bwino pomaliza.

Pali mbali ina imene mwambo wathu wa kulankhula pagulu umalimbana ndi wotchi. Pamsonkhano wa kumudzi kapena wa kutchalitchi, wolankhula amayamba ndi kupereka ulemu kwa akuluakulu onse motsata maudindo awo, kuthokoza chifukwa cha mwayi wolankhula, ndi kudzichepetsa kuti iye si kanthu, ndipo zonsezi zimatha kutenga masekondi 40, omwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yonse. Ulemu suyenera kutayidwa, chifukwa wachinyamata amene angayambe kutchula manambala osapereka moni kwa achikulire amene akhala patsogolo pake amaoneka wamwano, koma ulemuwo ungakwane m'chiganizo chimodzi chachifupi, monga "Olemekezeka oweruza, amayi ndi abambo, zikomo," kenako n'kuonekera m'kaimidwe, m'mawu a "inu" ndi m'kayankhidwe ka mafunso. Kudzichepetsa kumene kumavulaza kwambiri ndi kwa mawu opempha chifundo, akuti "kabizinesi kathu kakuvutika, chonde tithandizeni," chifukwa womvera amamva kuti ndalama zake zikalowa m'dzenje. Amene amaopa kuoneka wodzitama angapeze mpumulo pa mfundo yakuti kutchula chiwerengero cha mabotolo amene adagulitsa mwezi watha si kudzitama, ndi kupereka umboni umene wina angathe kukautsimikizira.

Chitsanzo cha wopanga chiponde

Kuti zimenezi zioneke bwino, n'kofunika kutsatira bizinesi imodzi kuyambira pa masamu ake mpaka pa mawu ake. Chitsanzo chake n'chongoyerekeza, ndipo mitengo yake yasankhidwa kuti masamu asavute, osati kuti ionetse mitengo ya pamsika lero. Mayi wina wa ku Mchinji, boma limene limalima mtedza wambiri, amapanga chiponde cha m'mabotolo a magalamu 400 n'kumapikulitsa kwa eni masitolo pa K4,000 botolo limodzi. Kuti botolo lidzaze, pamafunika pafupifupi theka la kilogalamu ya mtedza wosenda, chifukwa wina umatayika posankha wowola ndi wonyala, pokazinga ndi pochotsa khungu lofiira, ndipo pa mtengo wa K3,000 pa kilogalamu, mtedza wa botolo limodzi umadya K1,500. Botolo, chivundikiro ndi chikalata chomata zimadya K700, magetsi, mchere ndi aganyu zimadya K400, ndipo thiransipoti imadya K200, kotero kuti botolo limodzi limatuluka pa K2,800 ndi kusiya K1,200.

Ndalama yotsala pa botoloyi si phindu lenileni, chifukwa pali zolipira zina zimene sizisintha kaya mabotolo apangidwa ambiri kaya ochepa, monga lendi ya nyumba ndi malipiro a wantchito wokhazikika, ndipo kwa mayiyu zimakwana K420,000 pa mwezi. Kugawa K420,000 ndi K1,200 kumapereka 350, chomwe ndi chiwerengero cha mabotolo amene ayenera kugulitsidwa pa mwezi kuti bizinesi ingobweza zolipira zake popanda kupindula kapena kuluza. Mayiyu amagulitsa mabotolo 600, amene amabweretsa K2,400,000, ndipo akachotsa zonse amatsala ndi K300,000. Kusiyanitsa ndalama zonse zolowa, ndalama yotsala pa botolo ndi phindu lotsiriza ndiko chinthu chimene oweruza amayesa msanga, popeza wolankhula amene wanena kuti "timapanga K2,400,000 pa mwezi," kenako n'kudodoma atafunsidwa ngati limeneli ndi phindu, waonetsa kuti ndalama za bizinesi ndi za m'thumba mwake zimasakanikirana, ndipo chilichonse chimene anganene pambuyo pake chimamveka mokayikitsa.

Chimene chikumupangitsa kufuna ndalama n'chakuti masitolo amene amamugula, pamodzi ndi ena amene alawa chiponde chake, apempha mabotolo 1,500 pa mwezi, pamene kachigayo kake kakang'ono kamatentha kakagwira ntchito maola ochepa ndipo sikangapitirire 600. Mfundo imeneyi ndiyo yamphamvu kuposa zonse m'nkhani yake, chifukwa ikusonyeza kuti ogula alipo kale ndipo chotchinga ndi makina, chomwe ndi chinthu chimene ndalama ingathe kuchikonza. Ikusiyana kwambiri ndi kalankhulidwe kofala m'mipikisano, kamene wopikisana amanena kuti kalembera wa mu 2018 adapeza anthu opitirira 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo kuti munthu mmodzi pa anthu 100 alionse akagula botolo, bizinesi idzalemera. Chiwerengero cha kalemberacho n'choona, koma sichinena kanthu za mmene botolo lingachokere ku Mchinji kukafika m'manja mwa anthuwo, pamene maoda a masitolo odziwika, olembedwa papepala kapena osungidwa pa foni, ndi umboni umene woweruza angathe kuugwira.

Polemba koyamba, mayiyu akuganiza zopempha K5,000,000, yomwe K3,500,000 ndi ya chigayo chachikulu ndi chokazingira, K1,000,000 ndi ya mtedza, ndipo K500,000 ndi yoyezetsa chiponde ndi kutsata ndondomeko yopezera chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards. Pempholi likuoneka laudongo, koma lili ndi bowo limene munthu wozolowera malonda angalione m'kanthawi kochepa. Masitolo ambiri salipira katundu akangofika, amalipira patapita mwezi, choncho mabotolo owonjezera 900 ayenera kupangidwa ndi ndalama za mayiyu iye asanalandire kalikonse, ndipo pa K2,800 botolo limodzi, zimenezi ndi K2,520,000. Kuonjezera apo, nyumba yokulirapo ndi wantchito wachiwiri zidzakweza zolipira zokhazikika kuchoka pa K420,000 kufika pa K800,000. Ndalama yoyendetsera bizinesi, kutanthauza ndalama imene imakhala yomangika m'katundu ndi m'ngongole za ogula pakati pa tsiku logula mtedza ndi tsiku lolandira malipiro, iyenera kukula ndi pafupifupi K2,900,000, ndipo K1,000,000 yopemphedwayo siyifika ngakhale theka. Mayiyu atapatsidwa zimene wapemphazo, angakhale ndi chigayo chatsopano chogwira ntchito masiku ochepa pa mwezi chifukwa chosowa mtedza.

Vutoli limachokera ku maganizo akuti kupempha zochepa kumaonetsa ulemu ndipo kumavomerezeka msanga, pamene kwa womvera wodziwa, pempho losakwanira limaonetsa kuti wolankhula sadatsatire ndalama yake mpaka kumapeto. Pempho lokonzedwa bwino ndi K8,000,000, momwe makina ndi zoyezetsa zikhala monga kale, koma ndalama yoyendetsera bizinesi ikwera kufika pa K4,000,000, kuti itseke mpata wa mwezi woyamba ndi kusiyako ina yodikirira masitolo ochedwa kulipira. Mabotolo 1,500 akamagulitsidwa onse, ndalama yotsala pa mabotolo idzakhala K1,800,000, ndipo kuchotsa K800,000 kudzasiya phindu la K1,000,000 pa mwezi, lomwe ndi loposa katatu phindu la lero.

Masamuwa akakhazikika, mawu a mphindi zitatu amadzilemba okha ndi khama lochepa. M'masekondi 20 oyambirira mayiyu apereka moni, atchula dzina lake ndi la bizinesi, anyamula botolo kuti onse alione, ndipo anena kuti amapanga chiponde ku Mchinji ndipo wabwera kudzapempha K8,000,000. Kenako kwa theka la mphindi afotokoza chifukwa chimene eni masitolo amasankhira chiponde chake, ndipo apa ayenera kunena chinthu chimodzi chooneka, monga chakuti amagula mtedza wa CG7 kwa alimi amene amawadziwa, amausankha ndi manja, ndipo sathira mafuta ena. Gawo lalitali kuposa onse, pafupifupi mphindi yathunthu, ndi la umboni, ndipo lingamveke motere: "Mwezi watha tidagulitsa mabotolo 600 m'masitolo 14. Botolo limatidyera K2,800, timaligulitsa K4,000, ndipo tikalipira lendi ndi malipiro timatsala ndi K300,000. Masitolowa pamodzi ndi ena akufuna mabotolo 1,500, koma chigayo chathu chimalekera pa 600." Nthawi yotsala ndi ya pempho, mmene ndalamayo idzagawidwire m'zigawo zitatu zija, ndi chimene wopereka adzalandire. Manambala onse otchulidwa sayenera kupitirira amene khutu lingasunge, ndipo ena onse, monga mtengo wa chivundikiro kapena chiwerengero cha 350 chija, amasungidwira nthawi ya mafunso.

Nkhani ya moyo wa wolankhula, imene aphunzitsi ena amalimbikitsa kuti ikhale poyambira, ili ndi malo ake, koma malowo ndi ochepa. Ngati mayiyu adagwirapo ntchito zaka zingapo pafakitale yopanga zakudya, kapena adakulira m'banja logula ndi kugulitsa mtedza, chiganizo chimodzi chonena zimenezi chimayankha funso limene womvera aliyense amakhala nalo, loti n'chifukwa chiyani munthu uyu angakwanitse. Nkhani ya mavuto a paubwana imene sikhudza luso lopanga kapena kugulitsa chiponde imakhudza mtima, koma imadya nthawi ya umboni, ndipo oweruza amene amva opikisana ambiri pa tsiku limodzi amayamba kuzisokoneza nkhani zoterezi.

Chimene pempho limanena mosatchula

Mbali imene imagwetsa olankhula ambiri pamaso pa wogula gawo ndi yakuti chiganizo chilichonse cha mtundu wa "ndalama zakuti posinthana ndi gawo lakuti" chimatchula mtengo wa bizinesi yonse, kaya wolankhulayo wazindikira kapena ayi. Mayiyu akanena kuti akupereka 20 peresenti ya bizinesi yake pa K8,000,000, akunena kuti bizinesiyo, ndalamayo italowa, ndi ya K40,000,000, ndiye kuti lero, ndalamayo isanalowe, ndi ya K32,000,000. Womvera amachita masamuwa m'mutu nthawi yomweyo, n'kuyerekeza ndi phindu la lero la K3,600,000 pa chaka, ndipo amapeza kuti akupemphedwa kugula pa mtengo woposa phindulo pafupifupi kasanu ndi kanayi. Ngakhale zonse zitayenda monga mwa dongosolo, phindu n'kufika pa K12,000,000 pa chaka, ndipo lonselo n'kugawidwa osatsalako lokulitsira bizinesi, gawo lake lingakhale K2,400,000 pa chaka, kotero kuti angadikire zaka zitatu ndi miyezi inayi kuti angobweza ndalama imene adaika.

M'dziko limene ndalama yake ikukhazikika, kudikira koteroko kungakhale kopiririka, koma ku Malawi kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu m'zaka zimenezo idakwera moposa 20 peresenti pa chaka. Munthu amene ali ndi K8,000,000 lero amadziwa kuti K8,000,000 ya zaka zitatu zikubwerazi idzagula zochepa, choncho adzafuna gawo lalikulu kuposa 20 peresenti, kapena njira yobwezera mwachangu. Kutsika kwa kwachaku kumakhudzanso mtengo wa makina ogulidwa kunja, ndipo wolankhula wosamala amakhala ndi kalata ya mtengo yochokera kwa wogulitsa makina, yosonyeza tsiku, kuti asatchule mtengo wa chaka chatha.

Pali chinthu chinanso chimene chimaiwalika, chakuti bizinesi yolembetsedwa m'dzina la munthu mmodzi ilibe masheya ogulitsa, popeza pamaso pa lamulo bizinesiyo ndi mwini wakeyo ndi chinthu chimodzi. Kuti gawo ligulitsidwe mwadongosolo, bizinesi iyenera kulembetsedwa ngati kampani ya masheya, kapena anthu awiriwo alembe mgwirizano wa ubwenzi wa pa malonda, ndipo kampani yaing'ono yotereyi ilibe msika umene wogula gawo angadzagulitsireko gawo lake atafuna kutuluka. Pa chifukwa chimenechi, kwa mabizinesi a msinkhu wa mayiyu, mgwirizano wogawana ndalama zolowa umamveka bwino kuposa masheya. Iye angalonjeze kupereka K400 pa botolo lililonse logulitsidwa kufikira wopereka ndalama atalandira K12,000,000, ndipo pa mabotolo 1,500 zimenezi ndi K600,000 pa mwezi, zimene zimatha m'miyezi 20, iye n'kumatsala ndi K400,000 pa mwezi m'nthawi yonseyo, komanso umwini wonse wa bizinesi. Njirayi ili ndi ubwino wakuti imafotokozeka m'chiganizo chimodzi ndipo imawerengeka kuchokera m'buku la zogulitsa, mosiyana ndi phindu, limene anthu awiri angakangane pa kawerengedwe kake. Kuipa kwake n'kwakuti K400 imachoka ngakhale m'mwezi woipa, ndipo mayiyu ayenera kudziwa ngati botolo lake lingaisenze.

Mafunso amene amatsatira

Funso loyamba la munthu wodziwa za mtedza limakhala la mtengo, chifukwa mtedza umatsika mtengo nthawi yokolola, kuyambira mu Epulo mpaka chapakati pa chaka, n'kukwera kwambiri m'miyezi ya dzinja. Mtengo ukakwera kuchoka pa K3,000 kufika pa K4,000 pa kilogalamu, botolo limadya K500 yowonjezera, chotsala chimatsika kufika pa K700, ndipo mabotolo ofunika kuti zolipira za K420,000 zibwezedwe amakwera kufika pa 600, chomwe ndi chiwerengero chenicheni chimene mayiyu amagulitsa lero, kutanthauza kuti phindu lake lonse limafafanizika. Ngakhale pa mabotolo 1,500, phindu lingakhale K250,000 yokha, imene singakwanitse K600,000 ya wopereka ndalama uja. Wolankhula amene wachita masamuwa kunyumba amayankha modekha kuti amakweza mtengo wa botolo m'miyezi imeneyo, kapena kuti amagula mtedza wambiri pokolola n'kusunga, kapena kuti mgwirizano ulole malipiro kutsika mtengo wa mtedza ukapitirira malire ena, ndipo yankho lililonse mwa amenewa limaposa kunena kuti vutolo silidzachitika.

Kusunga mtedza kumabweretsa funso lachiwiri, la chuku. Mtedza umene sudaume bwino, kapena umene udawazidwa madzi kuti makoko afewe posenda, umamera nkhungu imene imatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi kukazinga, ndipo popeza popera mtedza wabwino ndi woipa zimasakanikirana, njere zochepa zoipa zimaipitsa mabotolo ambiri. Woweruza akafunsa za chuku amafuna kumva zochita zenizeni, monga kugula mtedza wa m'makoko ndi kusenda wekha, kusunga matumba pamatabwa kutali ndi khoma, kutaya njere zonyala ndi zosintha mtundu, ndi kutumiza zitsanzo kukayezedwa. Ngati chizindikiro cha bungwe la miyezo sichidapezeke, mayiyu anene mosabisa pamene wafika m'ndondomekoyo, chifukwa masitolo akuluakulu amachifuna, ndipo bodza pa nkhaniyi limadziwika ndi kungotembenuza botolo limene iye mwini wabweretsa.

Funso lachitatu ndi la opikisana naye, ndipo yankho loti "palibe amene akuchita zimene timachita" limachotsa chikhulupiriro msanga, popeza womvera adaona chiponde cha makampani akuluakulu m'mashelefu ndipo amadziwa kuti mabanja ambiri amasinja chawo mumtondo. Kuvomereza kuti opikisanawo alipo, kutchula mtengo wa botolo lawo, ndi kusonyeza chifukwa chimene masitolo 14 aja amaodabe mwezi ndi mwezi, kumapereka chithunzi cha munthu amene amayenda pamsika. Chiwerengero cha masitolo amene adaodanso kachiwiri ndi kachitatu chimalemera kuposa chiwerengero cha amene adagulapo kamodzi, chifukwa kugula koyamba kungachitike mwa ubale kapena chifundo, pamene kuodanso kumasonyeza kuti mabotolo oyamba adachoka pashelefu.

Zizindikiro zakuti mawu sadakonzeke zimaoneka poyeserera, ndipo njira yabwino yoziona ndi kulankhula kwa munthu amene saidziwa bizinesiyo, kenako n'kumupempha kuti abwereze zinthu zitatu, zomwe ndi chimene chikugulitsidwa, ndalama imene ikupemphedwa ndi ntchito imene ndalamayo idzagwire. Akalephera chimodzi mwa izi, vuto lili m'mawuwo, ndipo gawo limenelo liyenera kulembedwanso. Kuloweza liwu ndi liwu kuli ndi ngozi yakuti liwu limodzi likathawa, zonse zotsatira zimathawa nalo, choncho n'kwabwino kuloweza chiganizo choyamba, manambala ndi chiganizo cha pempho, zotsalazo n'kuzinena motsata ndondomeko ya mfundo. Zithunzi zoonetsa pakhoma, ngati zaloledwa, zisakhale zoti mawu sangayende popanda izo, popeza magetsi angathe kuzima nthawi ina iliyonse. Pa nkhani ya chilankhulo, ngati malamulo a mpikisano alola kusankha, munthu alankhule chimene angathe kuyankhira mafunso mosadodoma, chifukwa mawu a Chingerezi oloweza bwino otsatiridwa ndi mayankho ogwa ulesi amachititsa oweruza kuganiza kuti adalemba ndi wina.

Pomaliza kulankhula, mayiyu ayenera kutchula chinthu chotsatira chimene akufuna kuti chichitike, monga kuitana womverayo kuti adzaone malo opangira chiponde sabata yamawa, ndipo akhale atanyamula pepala limodzi lokhala ndi manambala omwe aja, satifiketi yolembetsera bizinesi, buku la zogulitsa la miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, ndi mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba osonyeza malipiro a masitolo. Wopereka ndalama adzayerekeza zimene wamva ndi zimene zalembedwa m'bukumo, choncho ngati mabotolo 600 adagulitsidwa m'mwezi umodzi wokha wabwino, pamene miyezi ina adali 450, mayiyu ayenera kutchula chiwerengero cha pakati pa miyezi yonseyo ndi kuwerengeranso phindu ndi pempho lake kuchokera pamenepo.